Kachilonda aka n'koopsa kodi? Mmene mungayenderere khungu lachialubino mwezi ndi mwezi

Funso limene ndafunsidwa mpaka kutopa nalo ndi ili: "Taonani apa, kodi ndi khansa?" Amafunsa ndi mayi atagwira khutu la mwana wake, kapena mnyamata akuloza mlomo wake wam'munsi, kapenanso munthu wanditumizira chithunzi chosaoneka bwino chojambulidwa usiku. Yankho langa silisintha. Poyang'ana kamodzi kokha palibe angalumbire, ndipo ngakhale dokotala wa khungu nthawi zina amadula kanyama kuti kakapimidwe. Koma pali zinthu zimene inuyo muli kunyumba mungadziwe kuposa dokotala: kanayamba liti, kakukula kapena ayi, ndipo pansi pake n'pofewa kapena pali kolimba. Ndalemba pano kuti ndizingokulozerani.

Poyamba timvane za chimene chimachitika. Khungu lakuda lili ndi melanini, chinthu chimene chimalipatsa mtundu komanso kutchinga cheza cha dzuwa chimene chimawononga. Munthu wachialubino ali ndi melanini wochepa kwambiri kapena alibiretu, ndiye cheza chija chimalowa mosatchingidwa. Kupsa kwa lero kumapola, koma kuwonongeka kwa mkati kumaunjikana chaka ndi chaka kuyambira ali khanda kumsana. N'chifukwa chake khansa yapakhungu, imene kwa azungu imakonda kugwira okalamba, kwa anthu achialubino kuno imapezeka mwa anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30. Ubwino wake ndi woti khansa imeneyi siyambira mobisika ngati ya m'mimba. Imayambira poyera, pamalo oti mungakhudze ndi chala, ndipo kawirikawiri imayamba yachenjeza.

1. Sankhani tsiku, ndipo pezani maso achiwiri

Khungu liziyenderedwa kamodzi pamwezi, monga mmene mlimi amayendera munda. Limangirizeni ku chinthu chimene simuiwala, kaya Lamlungu loyamba la mwezi, kaya tsiku la malipiro. Chitani masana, pamthunzi wowala bwino monga pakhonde kapena pafupi ndi windo, mutangosamba ndi kudzipukuta, musanadzole chilichonse. Mafuta amasalalitsa khungu, ndiye tokhakhala timene mukufuna kupeza timabisala.

Malangizo ambiri amangoti "imani pagalasi mudziyang'ane." Amene amalemba zimenezo amaiwala kuti chialubino chimakhudzanso maso. Anthu ambiri achialubino saona bwino patali, kuwala kumawathobwa, ndipo kadontho kapinki pakhungu loyera n'kovuta kuona ngakhale kwa munthu wa maso akuthwa. Tsono pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, akazi anu, amuna anu, mchemwali, mayi, ndipo akhale yemweyo mwezi uliwonse, chifukwa ndi iye angathe kunena kuti "aka mwezi watha panalibe." Ngati mukuyendera khungu la mwana, muuzeni zimene mukuchita ndipo muzimugwiritsa chala chake pamalo amene mwapeza, kuti azikula akulidziwa khungu lake.

Konzani kope, cholembera, lula ya ana asukulu, ndi foni yojambula ngati ilipo. Foni imathandiza mwini khungu kwambiri: wina ajambule kuseri kwa khutu, inu mukulitse chithunzicho n'kuchibweretsa pafupi ndi maso.

2. Yendani njira imodzimodzi nthawi zonse

Yambani pamwamba kutsika. Pamutu, patulani tsitsi, makamaka paliwombo ndi pamene pali dazi kapena mizere ya malukidwe. Kenako pachipumi, m'mbali mwa maso, zikope, mphuno, masaya. Milomo, makamaka wam'munsi, poti ndi umene umalandira dzuwa lochokera kumwamba. Makutu: m'mphepete mwake, mkati, ndipo lipindeni muone kuseri. Khosi lonse, kunkhongo, ndi pachifuwa pamene malaya amatseguka. Mapewa ndi kumtunda kwa msana, kumene amayi ambiri amapsa akavala chitenje chokha pochapa kapena potunga madzi. Mikono, kuseri kwa manja, pakati pa zala. Pomaliza miyendo kuchokera m'mawondo kutsika, ndi pamwamba pa mapazi.

Mutu ndi khosi ndiye muchedwepo, chifukwa khansa zambiri zimatulukira kumeneko. Koma musadumphe konse malo amene amakhala m'zovala. Kuwayang'ana mwachangu n'kokwanira.

3. Dziwani zimene sizofunika kuthamangira

Ndimaona anthu akuda nkhawa ndi zinthu zosaopsa kwinaku akunyalanyaza choopsa, ndiye tichotse kaye zosokoneza.

Mawanga akuda kapena oderako, osatukuka, ena a m'mphepete mokhala ngati nthambi, amene amatuluka kumaso, m'khosi ndi m'mikono, ndi ofala kwambiri pakati pa anthu achialubino a kuno. Makolo ena amakondwera kuti mwana wayamba kuda, ena amaopa kuti ndi khansa. Si kuda ndipo si khansa. Ndi chizindikiro chakuti dzuwa lagwira ntchito pamenepo. Mukatseka maso n'kupititsapo chala, simumva kusiyana ndi khungu loyandikana nalo. Aonetseni tsiku la kiliniki, basi. Koma banga likayamba kutukuka, kukula mowirikiza kapena kutuluka magazi, lachoka m'gulu lino.

Khungu la kunkhongo lokhuthala, lachikasu, la mizere yopingasana ngati nthaka yong'aluka ya mu Okutobala, nalonso ndi kuwonongeka kwa zaka zambiri. Palokha si khansa, koma likukuuzani kuti dera limenelo muziliyendera mosamala.

Kupsa ndi dzuwa, kufiira, kuwawa, matuza, kenako kusupuka, kumatha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chithupsa chimabwera m'masiku ochepa, chimawawa kwambiri, chimaphulika, n'kupola. Chipere chimakhala chozungulira, choyabwa, ndipo chimamva mankhwala a chipere. Onani kuti zonsezi zili ndi mapeto. Chinthu chimene chilibe mapeto ndiye nkhani yathu.

4. Papasani ndi chala, kenako tsinani

Apa ndi pamene pagona zonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri sanaphunzitsidwe.

Tsekani maso, mupititse nsonga ya chala mopepuka pachipumi, m'masaya, pamakutu, kuseri kwa manja. Khungu labwino limaterera. Koma mwina mumva kamalo kokhakhala, ngati sandipepala, kapena ngati phala la chimanga lagwera pamenepo n'kuuma. Nthawi zambiri n'kakang'ono, kuyambira mutu wa machesi kufika njere ya chimanga, kofiirira kapena ka mtundu wa khungu lomwelo, kokhala ndi timamba touma pamwamba. Mukakakanda timamba timachoka, koma pakapita masiku timabweranso pomwepo. A chipatala amatcha timeneti akitiniki keratosisi, kapena kungoti keratosisi. Si khansa, koma ndi pamene khansa imakonda kumera. Tambiri timakhala choncho zaka, tina timazimirira tokha, tina timasanduka khansa, ndipo palibe amene angakuuzeni pasadakhale kuti kadzasanduke ndi kati. Ndiye chifukwa chake kuchipatala amangotichotsa tonse tikadali tating'ono.

Mukapeza kokhakhala, musalekere pomwepo. Katsineni pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kutenga khungu la mbali zonse ziwiri, n'kulikweza pang'ono. Kenako tsinani malo abwino oyandikana napo, kapena malo omwewo mbali inayo ya thupi, kuti muyerekeze. Mukufuna kudziwa chinthu chimodzi: kukhakhala kuja kuli pamwamba pokha, kapena pansi pali kanthu?

Ngati ndi keratosisi wamba, khungu limapindika mofewa ngati lina lonse. Kukhakhala kumakhala ngati kwangomatidwa pamwamba. Koma ngati pakati pa zala zanu mukumva kolimba, ngati kabatani kapena njere ya nyemba yokwiriridwa m'khungu, ndipo khungu likukana kupindika, ndiye kuti chinthucho chayamba kuzika mizu. Chimodzimodzi ngati mwini khungu anjenjemera ndi ululu mukatsina, pamene kale pamangoyabwa kapena sipamamveka kanthu. Kulimba pansi ndi kuwawa mukakhudza ndi zizindikiro ziwiri zimene zimatiuza kuti keratosisi mwina wasanduka khansa, ngakhale pamwamba pakuonekabe chimodzimodzi ngati mwezi watha.

Pamlomo chitani chimodzimodzi, ndi manja osamba: chala chimodzi mkati, china kunja, muyende mlomo wonse wam'munsi. Mlomo wowonongeka ndi dzuwa umauma, umasupuka, umang'aluka, umachita mawanga oyera, ndipo mzere wosiyanitsa mlomo ndi khungu la kuchibwano umazimirira. Anthu amati ndi mphepo ya mu Juni. Kung'aluka kwa mphepo kumapola mukadzola mafuta masiku angapo. Mng'alu umene uli pamalo amodzimodzi mwezi wathunthu, kapena kamalo kolimba mkati mwa mlomo wofewa, si mphepo. Ndikulimbikira za mlomo ndi khutu chifukwa khansa ya malo awiriwa imafalikira msanga ku mwanabere kuposa ya pamkono.

Nthawi zina timamba tija timaunjikana mpaka kutuluka ngati kanyanga kolimba. Anthu amakatenga ngati njerewere n'kumakadula ndi lezala kapena kukamanga ndi ulusi. Musatero. Kanyangako n'kouma chabe, nkhani ili patsinde pake, ndipo patsindepo nthawi zina pamakhala khansa kale.

Pomaliza papasani mwanabere: kutsogolo ndi kuseri kwa makutu, pansi pa chibwano, m'mbali mwa khosi, m'khwapa, ndi m'mphechepeche. Mwanabere wa chimfine kapena wa bala wamba amakhala wofewa, wowawa, woyendayenda, ndipo amaphwa matenda akatha. Wolimba, wosawawa, wosasuntha, amene ali mbali imodzi ndi chilonda chosapola, ndi wofunika kuonedwa msanga.

Mwezi woyamba zala zanu sizidzadziwa zambiri, ndipo chilichonse chidzakukayikitsani. Ndi mmene zimakhalira. Mukapita kukiliniki, pemphani wachipatala akugwiritseni keratosisi mmodzi amene iye watsimikiza, kuti chala chanu chimudziwe. Phunziro la mphindi imodzi limenelo limaposa zonse ndalemba apa.

5. Yezani, lembani, jambulani

Maso amanama chinthu chikamakula pang'onopang'ono. Munthu amene amaona chilonda tsiku lililonse ndi amene amachedwa kuzindikira kuti chakula.

M'kope muja jambulani mutu, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndiponso manja. Sizifuna luso. Paliponse pamene mwapeza kanthu ikani kadontho ndi nambala, ndipo pansi lembani tsiku, kukula kwake m'mamilimita, kaya n'kokhakhala, kolimba, kowawa, kapena kotuluka magazi. Ngati lula palibe, yerekezani ndi zinthu zosasintha: mutu wa machesi, njere ya mapira, ya chimanga, mtedza, chitsekerero cha botolo. Pojambula ndi foni ikani lula pambali pake, jambulani chithunzi chimodzi chapafupi ndi china chapatali choonetsa kuti ndi mbali iti ya thupi, ndipo muzijambulira malo amodzimodzi, masana.

Muyeso wina muusunge m'mutu: masentimita 2. Khansa yapakhungu ikapitirira pamenepo, mwayi woti ibwerere ikachotsedwa kapena ifalikire umakwera kwambiri. Sindikunena kuti mudikire ifike pamenepo. Ndikunena kuti ntchito yonseyi cholinga chake n'kuigwira ikadali ngati njere ya chimanga, isanafike pa chitsekerero cha botolo.

6. Gawani zimene mwapeza m'magulu atatu

Gulu loyamba ndi zodikira tsiku la kiliniki ya khungu: mawanga osatukuka, khungu lokhuthala la kunkhongo, ndi tokhakhala tofewa pansi timene sitikusintha. Munthu wachialubino ayenera kuonedwa khungu ndi wachipatala miyezi 6 iliyonse ngakhale asakudandaula kanthu, ndipo amene anachotsedwapo khansa amauzidwa kubwera pafupipafupi kuposa apo. Ngati tokhakhala tilipo koma simunapiteko chaka chino, tsiku lanu lakwana kale.

Gulu lachiwiri ndi zopita nazo sabata ino kapena yamawa, osadikira kiliniki ya miyezi 6. Chilonda chilichonse chimene chatha masabata 3 kapena 4 osapola. Nkhanambo imene imagwa n'kubweranso pamalo omwewo, makamaka ikamasiya magazi pathaulo kapena papilo. Kokhakhala kamene kayamba kulimba pansi, kutukuka kapena kuwawa. Kachotupa katsopano kamene kakukula, kaya kofiira ngati nyama, kaya kokhala ndi dzenje kapena nkhanambo pakati. Kachotupa kosalala, konyezimira, kokhala ndi timitsempha tofiira pamwamba, kamene kamakonda pamphuno ndi pafupi ndi maso: aka kamakula mochedwa ndipo sikawawa, koma kamadya malo pang'onopang'ono. Kanyanga. Mng'alu wa mlomo wosapola. Chilichonse chimene chamera pachipsera chakale kapena pamene anachitapo opaleshoni.

Pano ndichenjeze amene amawerenga za khansa yapakhungu ya kunja. Kumeneko amalimbikira za kadontho kakuda kosintha maonekedwe, khansa yotchedwa melanoma. Kwa anthu achialubino imeneyo ndi yosowa, ndipo ikabwera imatha kukhala yapinki kapena yofiira, osati yakuda. Yofala kwambiri kuno ndi ya mtundu wa sikwamasi, imene imamera pa tokhakhala tija. Mukamasaka zakuda zokha, muidutsa.

Gulu lachitatu ndi zonyamuka mawa m'mawa: chilonda cha m'mphepete motukuka ndi molimba chimene chikukula sabata ndi sabata, chonunkha, chotuluka magazi osaleka msanga; chilonda chokhala ndi mwanabere wolimba pafupi; chotupa cha pachikope kapena pafupi ndi diso; dzanzi, kuyenda ngati nyerere, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya nkhope pafupi ndi chilondacho, zimene zimasonyeza kuti mwina chafika pamtsempha.

Musayese kuopsa kwa chinthu ndi ululu. Zambiri zimayamba zosawawa, ndipo mawu oti "sichikupweteka" achedwetsa anthu ambiri kuposa mtunda wa kuchipatala.

Titenge chitsanzo. Tiyerekeze bambo wa zaka 32, mlimi, amene amavala kapusi polima. Kapusi imatchinga chipumi koma makutu amakhala pamtetete. Mu Ogasiti akazi awo apeza tokhakhala tinayi: tiwiri kuseri kwa dzanja, kamodzi patsaya, kamodzi pamwamba pa khutu lamanja, konse ngati mutu wa machesi, tofewa potsina. Alemba. Mu Seputembala palibe kusintha. Mu Okutobala titatu tili chimodzimodzi, koma ka pakhutu kafika mamilimita 6, nkhanambo yake yagwa kawiri n'kubwerera, ndipo bamboyo akuti akagonera mbali imeneyo kamamubaya. Potsina, khutu lamanzere likupindika mofewa, lamanja lili ndi kolimba. Poyang'ana ndi maso, aliyense anganene kuti ndi kachilonda koluma udzudzu. Koma kope likunena kuti mwa tinayi, kamodzi kapatuka pa anzake. Titatu tija tidikire kiliniki. Ka pakhutu n'ka sabata ino, ngakhale kuti ndi nthawi yogalauza ndipo mvula ili pafupi. Kakachotsedwa tsopano, kawirikawiri ndi opaleshoni yaing'ono, yobaya jakisoni wa dzanzi pamalopo, kusoka, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Akati adikire akolole kaye, pofika Meyi ikhoza kukhala nkhani yodula mbali ya khutu ndi kufufuza mwanabere wa m'khosi.

7. Podikira ulendo, musachite izi

Musamatule nkhanambo, musadule, musawotche, musatemere mphini, musathire madzi a batire, phulusa kapena zitsamba zoluma. Zimenezi zimatha kupsereza pamwamba n'kuoneka ngati papola, mizu ili m'kati, ndipo zimasokoneza amene adzapime. Mafuta oyeretsa khungu ndi ena a m'machubu ogulidwa pamsika amachepetsa kufiira n'kukunamizani kuti zikutheka. Tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo, phimbani ndi kansalu koyera ngati pali potseguka, ndipo pabiseni ku dzuwa. Mafuta oteteza ku dzuwa dzolani mozungulira, osati m'chilonda.

Ndikudziwa kuti ena amayamba apita kwa asing'anga kapena kumapemphero, poganiza kuti chilonda chosapola chili ndi mwini wake. Sindilimbana nanu pa zimenezo. Pempho langa n'lakuti ulendo wa kuchipatala usadikire kuti kwinako mumalize kaye.

8. Kuchipatala, nenani mawu oyenera

Chovuta china chili apa. Pachipatala chaching'ono pamabwera zilonda zambirimbiri patsiku, ndipo zochuluka zimapoladi ndi kutsuka, jivi ndi makapisozi. Wachipatala wotopa akaona chilonda chanu akhoza kuchitenga ngati chimodzi mwa zimenezo. Ndipo poti chilonda cha khansa nacho chimalowa tizilombo, makapisozi amachepetsadi mafinya ndi fungo. Inu mumakondwa, pakapita mwezi mwabwereranso, akupatsaninso omwewo. Ndaonapo mabuku a kuchipatala olembedwa "chilonda, watsukidwa" masamba atatu otsatizana, miyezi ikupita. Chizindikiro chake n'chakuti mafinya auma koma kulimba kuja ndi m'mphepete motukuka zikadalipo.

Tsono musangoti "ndili ndi chilonda." Nenani motere: "Chilonda ichi chatha masabata akuti osapola, chinali chotere, pano chafika apa, pansi pake n'polimba. Ndikupempha munditumize kwa a khungu." Onetsani kope ndi zithunzi. Kumwa makapisozi ulendo umodzi si kulakwa, koma mukamaliza chilonda chikadalipo, ulendo wachiwiri ukhale wotenga kalata yokutumizani ku chipatala cha boma kapena chachikulu. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo m'maboma angapo bungwe la Standing Voice limachititsa makiliniki a khungu a anthu achialubino mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Kuti mudziwe tsiku ndi malo a kufupi ndi kwanu, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena a nthambi ya APAM, bungwe la anthu achialubino m'Malawi muno. Paulendo tengani mnzanu wodalirika, adzakuthandizaninso kuwerenga zolembedwa zing'onozing'ono ndi kukumbukira zimene mwauzidwa.

9. Dziwani zimene akachite, ndi zoyang'anira mukabwerako

Tokhakhala amatiwotcha, monga anthu amanenera, ngakhale kuti kwenikweni amatiumitsa ndi kuzizira. Amapopera nayitirojeni wamadzi, wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, kwa masekondi ochepa pa kamalo kalikonse. Kumaluma ngati mbola. Pamafiira, pamatupa, nthawi zambiri pamatuluka thuza, kenako nkhanambo, ndipo m'masabata awiri kapena atatu pamapola. Thuzalo musaliboole dala. Chofunika kuyang'anira ndi ichi: pakatha mwezi, papasaninso pomwepo. Ngati pasalala, zatheka. Ngati kadakalipo, kapena kabwerera kolimba, musadikire miyezi 6. Kamalo kamene kawotchedwa kawiri n'kubwererabe kayenera kudulidwa kuti kakapimidwe, osati kuwotchedwa kachitatu.

Chokayikitsa amachidula chonse pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, n'chifukwa chake bala la opaleshoni limakhala lalikulu kuposa kachilonda munapita nako. Musadabwe. Pali mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Imachokera pa anthu amene anafika mochedwa, matenda atafalikira kale, opaleshoni n'kulephera kuwapulumutsa. Yaing'ono ikachotsedwa yonse, anthu ambiri amachira.

Kanyama kodulidwako kamapita kukapimidwa, ndipo zotsatira zimatha kuchedwa. Bala likapola anthu ambiri sabwereranso kukazitenga, kumene ndi kulakwitsa kwakukulu. Musanachoke funsani tsiku lobwerera ndi khomo lokafikira, zilembedwe m'buku lanu. Zikatuluka funsani mafunso awiri: chinali chiyani, ndipo chinachotsedwa chonse mpaka m'mphepete? Akati m'mphepete munatsalira, pamafunika kudulanso ngakhale pamwamba pakuoneka popola bwino. Kuyambira pamenepo chipseracho ndi mwanabere wa kufupi nacho zikhale zoyamba kupapasidwa mwezi uliwonse.

10. Tsekani pamene dzuwa likulowera

Za kudziteteza munazimva kambirimbiri, ndiye ndingotchula pamene kope lanu lingakuthandizeni. Malo amene madontho achuluka pachithunzi chija ndi pamene zovala zanu zikuperewera. Akachuluka pamakutu ndi kunkhongo, kapusi isiyeni, pezani chipewa cha khonde lozungulira. Akachuluka pachifuwa, malaya azikhala a kolala, omangidwa mpaka pamwamba. Kuseri kwa manja ndi pamlomo wam'munsi ndi pamene anthu amaiwala kudzola, ndiponso pamene mafuta amachoka msanga posamba m'manja ndi pakudya. Mafuta akhale olembedwa SPF 50 kapena kuposa, odzola m'mawa musanatuluke n'kubwerezanso masana ndi mukatuluka thukuta kapena kusamba. Mafuta odzola wamba amafewetsa khungu koma satchinga dzuwa. Ntchito za kumunda zigwiridwe m'mamawa ndi madzulo, kupewa kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko. Ndipo mitambo kapena kuzizira kwa ku Dedza ndi ku Mzimba zisakupusitseni: chimene chimawononga khungu si kutentha kumene mumamva, koma cheza chimene chimadutsa ngakhale kuli mitambo, ndiye chipewa chivalidwe mu Juni monga mu Okutobala.